Mzere Umene Ndinaudumpha M'kalata ya Abwana

Kalata ya abwana inabwera Lolemba m'mawa pa lole ya simenti, itapindidwa kanayi, fumbi lili mbuu. Dalaivala anandipatsira pawindo nati, "Akuti muwerenge nonse, musayine kumunsiko, Lachinayi ndibwerere nayo." Ndinaiika pakauntala n'kuitsindira ndi mwala wa sikelo, chifukwa nyengo yotentha mphepo ya pa Ntaja siisiya pepala pamalo.

Nthawi imeneyo n'kuti nditagwira zaka zisanu ndi chimodzi m'shopu ya hadiweya, kufupi ndi msika. Ine kwathu ndi kwa Nsamala ku Balaka. Ku Ntaja ndinabwera banja litatha, mwana wamkazi pambali, chikwama kumanja, Chiyao osadziwa ngakhale moni. M'shopumo tinalimo awiri, ine ndi bambo wina wachikulire amene Ntaja yense ankamuitana kuti Amjomba. Ndi iwo amene anandipezera ntchitoyo atandiona ndikugulitsa mandasi pakhonde la shopu, ndi iwonso amene anandiphunzitsa kusiyanitsa msomali wa malata ndi wa denga la mitengo.

Amjomba anayamba ntchito ndi bambo awo a abwana athu, shopu ikadali benchi ndi mabokosi atatu a misomali. Dzanja lawo linali sikelo. Akatapa misomali n'kunena kuti kilo, mukaika pasikelo mumapeza kilo, mwina kuchotsapo umodzi. Mmisiri akabwera n'kunena kutalika ndi kufupika kwa nyumba, iwo ankayang'ana kudenga kamphindi n'kumuuza malata angati, misomali makilo angati, ndipo sankabwerera kudzadandaula. Akabaza onse ankagula masipoko ndi machubu kwa iwo, akuseka m'Chiyao zimene ine ndinkangomva theka.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sitinkachitchula. Amjomba sankadziwa kuwerenga zilembo zathuzi. Ali mwana bambo awo anawakaniza sukulu ya mishoni poopa kuti akawasintha chipembedzo, ndiye anangophunzira ku madarasa. Chiarabu ankawerenga bwinobwino, manambala ankawadziwa, masamu a m'mutu ankandiposa ine wa Fomu 4. Koma mukawapatsa pepala la Chichewa kapena Chingerezi ankagwiragwira m'thumba la malaya n'kunena kuti, "Aa, magalasi ndaiwala, mwanangu. Tandiwerengera." Zaka zisanu ndi chimodzi magalasi amenewo sindinawaonepo, ndipo sindinafunsepo kuti anagula kuti.

Tabuleti itabwera m'shopu, zaka ziwiri kalata ija isanalembedwe, sizinativute. Dzina lolowera linali limodzi, loti Shopu, nambala yake imodzi, ndipo tinailemba ndi makala pakhoma kuseri kwa sikelo. Pasiwedi ya apu ya mabuku, momwe munkalembedwa katundu wolowa ndi ndalama zotuluka, inali pakatoni ya penti. Ngakhale dalaivala ankaidziwa. Amjomba ankagulitsa, ine ndinkadina. Ndikachokapo, iwo ankalemba zimene agulitsa m'zilembo zawo za Chiarabu papepala la thumba la simenti, ndikabwera n'kundiyitanira chimodzichimodzi ine n'kumalowetsa. Lachisanu masana ndinkawagwirira akapita ku mzikiti, Lamulungu m'mawa ankandigwirira ndikapita ku Misa. Moyo unali umenewo basi.

Sindinganene kuti abwana analemba kalata ija chifukwa cha nkhanza. Anali ndi shopu ina ku Phalula, m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo kumeneko zinthu zinali zitaonongeka. Tabuleti inkaonetsa kuti anthu abweza zitini za penti n'kubwezeredwa ndalama, koma pashelefu zitinizo panalibe. Atafunsa kuti anadina ndani, tabuleti inayankha kuti Shopu. Anthu anayi, dzina limodzi, aliyense akulumbira. Ine ndikanakhala iwo, ndikanalembanso kalata.

Makasitomala atachepa, cha m'ma leveni, Amjomba anakhala pathumba la laimu, nagwiragwira m'thumba la malaya. Ndinawadula ndisanamve za magalasi, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Kalatayo ndikadali ndi kope lake, ndiye mawu ake ndi awa:

"Kwa antchito anzanga a ku Phalula ndi ku Ntaja. Kuyambira Lolemba likubwerali dzina lija loti Shopu ndikulichotsa pa tabuleti. Aliyense akhala ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi ya manambala anayi, imene asankhe yekha ndikabwera Loweruka. Musailembe pakhoma, musauze munthu.

"Dilowa ya ndalama ndi imodzi, koma lisiti lililonse lizionetsa dzina la wogulitsa ndi nthawi yake, ndipo ine ndiziona pafoni yanga. Mukagulitsa lowetsani nthawi yomweyo, osati madzulo. Netiweki ikavuta pitirizani, ikabwera zizitumizika zokha. Mukamachoka pakauntala tsekani dzina lanu. Tabuleti ikakhala mphindi ziwiri osagwidwa izidzitseka yokha.

"Kubweza ndalama, kufufuta lisiti ndi kusintha mtengo, zimenezo ndizichita ndekha. Pasiwedi ya apu ya mabuku ndasintha, ikhala ndi ine ndi amene amandithandiza za mabuku basi. Katundu akabwera, jambulani invoisi munditumizire.

"Chimene chadinidwa pa dzina lanu ndi chanu, chabwino kapena choipa. Bonasi ya kumapeto kwa mwezi iziyendera zomwezo. Amene wapereka nambala yake kwa mnzake, ndi amene wailandira, onse awiri ntchito yatha tsiku lomwelo."

Zonsezo zinali zotayipa. Koma kumunsi, pamwamba pa malo osayina, panali mzere wina umene abwana anawonjezera ndi bolopeni ya buluu: "Ngati pali wina amene tabuletiyi ikumuvuta, andiuze sabata ino isanathe, tione chochita. Palibe manyazi."

Maso anga anafika pamzerewo pakamwa pasanafike. Ndinayang'ana Amjomba. Anali atagwira tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija, mutu uli pansi, imvi zikuonekera m'mphepete mwa kofiya. Kuwerenga mzere umenewo kunali ngati kuwaloza chala n'kunena kuti, inu bambo, izi akunena inu. Kunali kuwauza kuti magalasi aja ndikudziwa kuti kulibe. Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti wamkulu savulidwa pagulu, ndipo ngakhale tinali awiri okha, lilime linakana. Ndinapinda kalatayo n'kunena kuti, "Yathera pamenepo."

"Basi?" anafunsa.

"Basi, Amjomba."

Anatenga bolopeni nasayina, kuchokera kumanja kupita kumanzere monga ankachitira nthawi zonse. Abwana ankakonda kunena kuti m'mashopu awo onse palibe wa siginecha yokongola ngati Amjomba. Sankadziwa kuti silinali luso la siginecha, linali dzina lawo chabe m'zilembo zimene iwo ankazidziwa.

Loweruka abwana anabwera. Anali munthu wa zaka zanga, wofatsa, wokonda kulankhula akuyang'ana foni. Anakulira m'shopu momwemo, ndipo Amjomba ankakonda kuwakumbutsa za tsiku limene anameza wasala wa pa bawuti ali mwana. Aliyense anasankha nambala yake. Amjomba anadina yawo molimba mtima, manambala sankawaopa. Abwana anafufuta ya pakhoma ija ndi chiguduli chonyowa, naponya katoni ya penti kuseri. Potuluka anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Palibe funso? Zonse zamveka?" Anayang'ana Amjomba nthawi yotalikirapo. Amjomba anati, "Zamveka, bwana." Ine ndinali kalikiliki kupukuta sikelo imene inali yoyera kale.

Vuto linaonekera Lolemba lomwelo. Kulowa ndi nambala kunali kophweka, koma ukalowa umafunika kupeza katunduyo. Shopu ya hadiweya ili ndi zinthu mazanamazana, ndipo pa tabuleti zinali mayina okhaokha, popanda zithunzi: misomali ya mainchesi atatu, ya anayi, ya malata, mahinjesi aang'ono, aakulu. Umalemba zilembo zoyamba, mndandanda n'kutuluka, iwe n'kusankha. Amjomba akanatha kukupezerani bawuti iliyonse m'shopumo maso atatseka, koma pagalasi lija anali mlendo.

Sabata yoyamba ndinalowetsa zonse pa dzina langa. Ndinkati nanga si ndalama zikulowa m'dilowa imodzi. Lachisanu madzulo abwana anaimba foni.

"Kodi Amjomba akudwala?"

"Iyayi, ali bwino."

"Nanga bwanji dzina lawo lilibe ngakhale msomali umodzi sabata yonse? Akungokhala?"

Ndinati akuzolowera pang'onopang'ono. Anati chabwino, koma dzina lopanda malonda iwo sangalilipire mpaka kalekale, zinthu zavuta. Ananena moseka, koma ine ndinamva.

Mawa lake ndinawauza Amjomba zimene abwana ananena. Kenako anaima pafupi nane pakauntala, nayang'ana kumsewu ngati akuona akabaza, n'kutchula manambala anayi pansipansi, kamodzi kokha. Sanandipemphe kanthu. Kasitomala wotsatira atagula chubu kwa iwo, ndinatseka dzina langa, ndinadina nambala yawo, ndinalowetsa chubu, lisiti n'kutuluka ndi dzina lawo. Ndinadzimva ngati ndaba, chonsecho ndalama inalowa m'dilowa yonse.

Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala anthu awiri. Wanga akabwera, nambala yanga. Wa Amjomba akabwera, tseka, nambala yawo, lowetsa, tseka, nambala yanga. Tsiku la msika chala chinkachita dzanzi. Ndinkaonetsetsa kuti thupi langa latchinga tabuleti, kuopa kuti wina angaone kuti amene akudina si amene walembedwa palisiti. Dalaivala wa lole akafika ndinkamusekerera kwambiri kuposa kale, chifukwa pakamwa pake panalibe chitseko.

Choipa kwambiri chinali choti sindikanathanso kuchoka. Kale Amjomba ankalemba papepala la simenti ine n'kudzalowetsa pambuyo. Tsopano lisiti lililonse linali ndi nthawi yake. Malisiti khumi otuluka m'mphindi zitatu, pambuyo pa maola awiri opanda kanthu, abwana akanafunsa. Ndiye ndinkadya chimanga chootcha nditaimirira pakauntala. Kuchimbudzi ndinkathamanga ngati ndasiya mwana pamoto. Lamulungu ndinayamba kupita ku Misa yoyamba n'kutuluka isanathe. Azakhali anga atamwalira kwa Nsamala Lachiwiri, ndinanama kwathu kuti abwana andikaniza, ndinakafika Lamulungu madzulo anthu atabalalika kale. Amayi sanandilankhule bwino mpaka Khirisimasi, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Ndisabise, masiku ena ndinkakwiya nawo Amjomba. Ndinkawayang'ana akuseka ndi akabaza, ine thukuta lili kamukamu pa nambala ziwiri, mumtima n'kumati, bambo inu, bwanji osangowauza abwana? Kenako ndinkakumbuka kuti khomo lowauzira linalipo, lolembedwa ndi buluu, ndipo amene analitseka ndine. Sabata imene abwana anapereka inali itadutsa kalekale. Kuti ndiulule tsopano ndiye kuti ndivomere kuti ndinabisa mzere, ndivomerenso kuti ndili ndi nambala ya munthu wina. Mwana wanga anali atayamba sekondale ya masana. Nyumba inali ya lendi. Ndinkatseka pakamwa n'kudina.

Mwezi wachiwiri tinamva kuti ku Phalula achotsa atsikana awiri. Wina anapita kukayamwitsa n'kusiyira mnzake nambala, ndipo sipanasowe ngakhale tambala. Dalaivala anatifotokozera akudya nthochi, nati abwana ananena kuti lamulo likakhota kamodzi lathera pomwepo. Amjomba anangoti, "Mulungu awathandize," napita kukakonza mawaya kuseri. Tsiku limenelo ndinalakwitsa nambala yanga yomwe kawiri.

Chimene chinatigwetsa sichinali ulesi kapena kuiwala. Chinali chilungamo changa chopusa. Panali mmisiri wina amene ankamanga nyumba ya aphunzitsi kumudzi wina chakumtunda. Lachitatu anakhala ndi Amjomba pafupifupi ola lathunthu, akuwerengetsa malata, misomali ndi waya. Anati ndalama akatenga kwa eni nyumba abwera. Anabwera Lachisanu, nthawi itangopitirira hafu pasiti thwelofu, ndi ngolo ya ng'ombe. Amjomba n'kuti atasamba, atavala mkanjo wawo woyera, atapita ku mzikiti. Mawu oitanira anthu ku swala anali atamveka kale, msika utachita zii mbali imodzi.

Anali malonda aakulu kuposa onse a mwezi umenewo. Ndinaganiza kuti amene anakhetsa thukuta ndi Amjomba, bonasi yake ikhale yawo, dzina lawo lionekenso kuti likugwira ntchito. Ndinatseka dzina langa, n'kudina nambala yawo. Ndinamva bwino mumtima, ngati ndachita chinthu cha Mkhristu. Sabata yotsatira mmisiri yemweyo anabweranso nthawi ngati yomweyo kudzatenga mahinjesi ndi maloko, ndipo ndinachitanso chimodzimodzi. Sizinandifikire m'mutu ngakhale pang'ono kuti lisiti limanena ola.

Abwana anafika Loweruka m'mawa osatiuza. Anadikira kuti kasitomala atuluke, natseka chitseko chimodzi, chinthu chimene sankachita. Anaika foni pakauntala n'kuitembenuzira kwa ife.

"Amjomba, ine ndinabadwa n'kukupezani m'shopu muno. Bambo anga ankatseka malonda a simenti Lachisanu masana chifukwa inu kulibe. Mvula, malungo, maliro, sindinamvepo kuti mwajomba swala ya Lachisanu. Ndiye tandiuzani. Malata awa munagulitsa muli pamkeka ku mzikiti?"

Kunja wakabaza wina ankaliza belu kufuna chubu.

"Zilipo ziwiri," anapitiriza abwana. "Kaya mwasiya kupemphera, kaya nambala yanu ili ndi munthu wina."

Ndinaona kuti akuwapatsa njira. Akanangonena kuti tsiku limenelo sanapite, nkhani ikanatha, ndipo abwana mwina akanasankha kukhulupirira. Mtima wanga woipa unafuna kuti anene choncho. Koma Amjomba anaweramutsa mutu nati, "Ku mzikiti ndinapita, bwana. Masabata onse awiri. Nambala ndinampatsa ndine. Iyeyu sanapemphe."

"Chifukwa chiyani?"

Amjomba anagwira thumba la malaya, dzanja n'kuima pomwepo. Abwana anakankhira tabuleti kwa iwo, osati mwaukali, ndikuganiza kuti ankafuna kumvetsa basi. "Tandigulitsani kilo imodzi ya misomali ya mainchesi anayi."

Anadina nambala yawo bwinobwino, tabuleti n'kutseguka. Kenako chala chinangoima m'mwamba. Misomali ya mainchesi anayi inali m'bokosi kuseri kwa mwendo wawo, akanaitapa osayang'ana. Chala chinapita kumanja, chinabwerera kumanzere. Tinaima choncho anthu atatu mpaka mphindi ziwiri zinakwana, tabuleti n'kudzitseka yokha. Sindinaonepo mphindi ziwiri zazitali ngati zimenezo, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Zilembo zanuzi sindizidziwa, bwana," anatero Amjomba. "Bambo anu ankadziwa."

Abwana anakhala pansi pathumba la laimu, buluku lawo lakuda osaliganizira. Anagwira kumaso ndi manja onse. "Ndinkakayikira," anatero. "N'chifukwa chake ndinalemba ndi dzanja langa kumunsi kuja. Ndinati amene ikumuvuta andiuze, palibe manyazi. Ndikanaika zithunzi pa katundu amene amayenda kwambiri. Ndikanakusiyani inu muzigulitsa, uyu azidina pa dzina lake, bonasi muzigawana. Zinali zophweka. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Amjomba. Ndinaima pakhomo apa kukufunsani. Bwanji simunanene?"

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula. Amjomba anatembenuka nandiyang'ana, osati mokwiya, kungondiyang'ana basi, kenako anabwezera maso kwa abwana.

"Anandiwerengera zonse," anatero. "Manyazi anali anga."

Munthu amene anakana kunama za swala kuti apulumutse ntchito yake ananama kuti apulumutse yanga. Ine ndinangoti kakasi, ndipo ndinalola.

Abwananso anali m'khola lawo lomwe anamanga okha. Anati atsikana a ku Phalula anawachotsa pa mlandu womwewu, makolo awo anabwera kudzapepesa iwo n'kukana, ndiye akatisiya tonse awiri adzayenda bwanji pa Phalula. Amjomba anati, "Musachotse awiri. Uyu ali ndi mwana pasukulu. Anga anakula." Abwana anayesa kunena kuti Amjomba akhale ngati woyang'anira katundu kuseri, opanda dzina pa tabuleti, osagwira dilowa, malipiro otsikirapo. Amjomba anapukusa mutu. Anati dilowa imeneyo anaigwira abwana asanabadwe, ndipo sangaime pambali pake ngati mlendo akabaza akuona. Anatulutsa makiyi a chitseko chakumaso m'thumba, nawaika pasikelo, natenga kofiya yawo ina imene inkakhala pamsomali. Potuluka anamuuza wakabaza uja m'Chiyao kuti chubu agule kwa ine.

Ine abwana anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza, n'kundiuza ndisankhe nambala ina. Abwana anachotsa dzina la Amjomba pafoni yawo ndikuona, sizinatenge ngakhale nthawi yomwera madzi. Tabuleti itatsegukanso panali dzina limodzi lokha, langa. Abwana anawalipira Amjomba zonse zimene ankayenera kulandira, ndi zina pamwamba, zimenezo ndiyenera kunena.

Ndinakhala m'shopu imeneyo zaka zina ziwiri. Anabweretsa mayi wina wodziwa tabuleti kuposa ine, koma wosadziwa kusiyana kwa wasala ndi nati. Amisiri anayamba kugula kwina. Miyezi ingapo pambuyo pake abwana anaika zithunzi pa katundu yense wa pa tabuleti, m'mashopu onse awiri. Nditaona kachithunzi ka msomali wa mainchesi anayi ndinapita kuseri kukalira, n'kunamizira fumbi la simenti.

Amjomba anaika benchi kumapeto kwa msika, pansi pa mtengo wa mango, n'kumagulitsa masipoko, mabelu ndi zigamba za machubu. Lachisanu lililonse ankadutsa pakhomo pa shopu ndi mkanjo wawo woyera, n'kundipatsa moni ngati palibe chinachitika. Moni umenewo unkandipweteka kuposa kutukwanidwa. Ndinapirira miyezi inayi. Tsiku lina masana ndinatseka dzina langa, ndinamuuza mnzanga uja kuti ndikubwera, n'kupita ku benchi kuja. Ndinagwada pambali pawo monga ndikanachitira kwa bambo anga.

"Amjomba, ndabwera kudzanena chinthu. Kalata ija sindinakuwerengereni yonse. Mzere wa kumunsi uja ndinaudumpha dala."

Anapitiriza kumanga masipoko m'mitolo ya khumikhumi. Atamaliza mtolo anati, "Dzuka, mwanangu, pali fumbi. Ndinadziwa."

"Munadziwa bwanji?"

"Kuwerenga sindidziwa, koma kuwerenga ndimadziwa," anatero, akumwetulira pang'ono. "Chala chako chinkayenda pamizere, ine ndinkawerenga mizereyo. Yakuda inatha, iwe n'kusiya. Wa buluu unatsala. Munthu akawonjezera mawu ndi bolopeni pakalata yotayipa, ndiye kuti mawuwo ali ndi mwini wake. Ndinadziwa kuti ndi anga."

"Nanga bwanji simunandifunse?"

"Ndinafunsa. Ndinati, basi? Iwe unati basi." Anamanga mtolo wina. "Unandisungira ulemu. Ndikanati werenga wa buluuwo, ndikanakuchititsa manyazi kuti wandinamiza. Ndiye nanenso ndinakusungira wako."

Ndinafuna kunena zambiri, koma panafika wakabaza ndi tayala m'manja, Amjomba n'kutembenukira kwa iye. Anandipatsa mango awiri kuti ndikampatse mwana. Ndinabwerera kushopu ndi mangowo m'manja, ndinapeza anthu atatu akudikira pakauntala, ndipo ndinadina nambala yanga.